Zitsekerero 20 za mabotolo ndi masabata 6 a pa bedi

Mango akayamba kupsa ku chigwa cha Luangwa, mu Novembala ndi Disembala, ana amakwera mitengo, ndipo ena amagwa. Wina amangosupuka n'kudzuka. Wina amathyoka fupa la m'ntchafu. Ku zipatala za kutali ndi madokotala a mafupa, mwana wotere nthawi zambiri sachitidwa opaleshoni. Amagonekedwa chagada, mwendo amaumata ndi kuukulunga bandeji, n'kumangirira chingwe chokhala ndi cholemera chimene chimalendewera kumiyendo kwa bedi, kuti fupa liwongoke pamene lili kulumikizana. Kwa mwana wa zaka 8 kapena 9, kugona kumeneku kumatenga masabata 4 mpaka 6, nthawi zina kupitirira.

Temu ya sukulu kuno ku Zambia ili ndi masabata pafupifupi 13. Ndiye kuti mwanayo ataya pafupifupi theka la temu. Ululu waukulu umachepa m'masiku oyamba, ndipo masiku otsalawo mutu wake uli bwinobwino, maso ali kudenga, palibe chochita.

Tikamba za boma la Mambwe chifukwa kumeneko mtunda umakulitsa vutoli. Midzi ya mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro ndi yotalikirana, ndipo nthawi ya mvula misewu ina siyendeka. Mwana akagonekedwa ku Kamoto, chipatala cha mishoni cha Reformed Church in Zambia, kapena akatumizidwa ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Mfuwe, aphunzitsi ake sangamubweretsere ntchito ya m'kalasi madzulo. Anzake sangabwere kudzamuuza zimene aphunzira. Amene ali naye usana ndi usiku ndi amayi ake kapena ambuya ake, amene amagona pansi pafupi ndi bedi.

Ganizo lathu ndi ili. Sukulu ya mu wodi ya ana, kaya ili ndi mphunzitsi wa boma, kaya ndi munthu mmodzi wodzipereka, iyenera kuyambira pa bedi osati pa bolodi. Masewera ake asankhidwe poona zinthu ziwiri: zimene mwanayo atha kuwerenga lero, ndi zimene thupi lake lilola lero. Ndipo masewerawo asiyidwe m'manja mwa wodwazika, chifukwa mphunzitsi amabwera n'kupita, koma ambuya sachoka.

Choyamba, kudziwa pamene mwana ali

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 9 wa Giredi 3 wa kwa Mnkhanya, amene wagwa mu mtengo kumayambiriro kwa Novembala. Munthu wofuna kumuthandiza angathamangire kukatenga buku la Giredi 3 n'kupitiriza pamene kalasi idasiyira. Koma giredi imanena chabe zaka zimene mwana wakhala pa sukulu, sinena zimene adziwa. M'kalasi imodzi ya Giredi 3 muli ana owerenga nthano yonse ndiponso ana osadziwa kusiyanitsa m ndi n.

Unduna wa Maphunziro udaliona vuto limeneli. Mu 2016 udayamba kuyesa pulogalamu ya Catch Up ku zigawo za Kum'mawa ndi Kum'mwera, potengera njira imene bungwe la Pratham lidayambitsa ku India. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi, n'kuikidwa m'magulu malinga ndi zimene atha, osati giredi yawo. Pa kuwerenga pali masitepe asanu: wosadziwa zilembo, wodziwa zilembo, wowerenga mawu, wowerenga kandime, ndi wowerenga nthano. Njira imeneyi idakonzedwera kalasi yodzaza, koma ikwana bwino pa bedi, pamene kalasi yonse ndi mwana mmodzi.

Kuyesako kumatenga mphindi zisanu ndi pepala limodzi. Timupatsa kandime ka ziganizo zinayi zosavuta. Akawerenga mosadodoma, timupatsa nthano yaifupi. Akalephera, titsika n'kumupatsa mawu asanu. Akakhoza anayi, ndiye kuti ali pa sitepe ya mawu. Akalepheranso, timupatsa zilembo zisanu. Sitimuuza kuti ndi mayeso, ndipo sitimukonza pamene ali kuwerenga, chifukwa chimene tifuna ndi kumva pamene apunthwira.

Tinene kuti mnyamata wathu zilembo azidziwa zonse, koma pa mawu asanu wakhoza awiri. Akaona "moto" amati "m, o, t, o", n'kuima. Vuto lake laoneka: sadziwa kulumikiza. Buku la Giredi 3 likadangomuonetsa tsiku ndi tsiku kuti ndi wolephera, pa nthawi imene ali kale ndi mantha. Chimene afunika ndi sewero lophunzitsa kulumikiza, basi.

Sewero la zitsekerero

Chinyanja chili ndi mwayi umene Chizungu chilibe. Mawu athu amalembedwa monga amvekera, ndipo amaduka mosavuta m'tizigawo totha ndi a, e, i, o kapena u. Mwana akadziwa tizigawo timeneti, mawu ambirimbiri amatseguka nthawi imodzi.

Titenga zitsekerero 20 za mabotolo a pulasitiki, tizitsuka, n'kulemba pamwamba pake ndi cholembera chosafufutika. Tisankha zilembo zinayi chabe, m, t, k ndi l, n'kuphatikiza chilichonse ndi zilembo zisanu zija: ma, me, mi, mo, mu, kenako ta, te, ti, to, tu, mpaka lu. Pansi pa kachigawo kalikonse tilemba kamzere. Kamzereka n'kofunika chifukwa chitsekerero n'chozungulira, ndipo chikatembenuka u amaoneka ngati n. Mwana wogona chagada amaona zinthu mopendama kale, choncho afunika chomuuza kumene kuli pansi.

Zitsekererozo zilowa m'kathumba. Mwana atulutsa zisanu, mnzake wosewera naye atulutsanso zisanu, ndipo aliyense ayesa kupanga mawu. Amene alibe mawu atulutsa china chimodzi. Pa zitsekerero 20 zimenezi pamatuluka mutu, moto, malo, tate, tola, lima, meta, lota ndi malume. Pamatulukanso matako, ndipo tsiku limene mwana adzawapeza yekha wodi yonse idzamva kuseka kwake. Palinso mawu amene amasintha ukangosinthanitsa malo: "kale" asanduka "leka". Mwana akaona zimenezi ndi maso ake, amayamba kumvetsa kuti tanthauzo lili m'kandandalikidwe ka tizigawo, zimene n'zovuta kumufotokozera ndi pakamwa.

Lamulo limodzi ndilo limagwira sewero lonse: mawu sawerengedwa mpaka mwana awatchule mokweza, ndipo ambuya avomere kuti mawu otero aliko. Ambuya mwina sanapite ku sukulu, koma pa ntchito imeneyi safunika kuwerenga. Amangomva. Mwana akati "to-mu", iwo amati, "Iwe, tomu ndiye chiyani?" Akati "li-ma", amati, "Eya, tipangire chiganizo." Mwana amawerenga, ambuya amaweruza, ndipo palibe angasewere popanda mnzake. Apa ndi pamene sewero limachoka m'manja mwa mlendo n'kukhala la pa banja.

Pali kanthu kena ka ku Mambwe komwe tiyenera kukumbukira. Ana ambiri kumeneko amakamba Chikunda kunyumba, pamene mabuku a ku sukulu ali m'Chinyanja. Ife a m'tauni tidziwa mmene zimenezi zimakhalira, popeza nafenso timati "vinthu" pomwe buku lilemba "zinthu". Choncho mwana akapanga mawu a Chikunda ndipo ambuya avomera, mawuwo apatsidwe mphoto yake. Chimene tili kuphunzitsa pa sitepe imeneyi ndi kulumikiza, ndipo kulumikiza n'kumodzi m'zilankhulo zonse ziwiri. Mawu a m'buku tingamuuze pambuyo pake.

Kodi tidziwa bwanji kuti sewero lili kugwira ntchito? Pali zizindikiro ziwiri zoipa. Choyamba ndi mwana amene amatchula kachigawo asanakayang'ane bwino. Ameneyu waloweza mtundu wa chitsekerero, kuti chofiira chija ndi "mo". Tilembe kachigawo komweko pa pepala. Akalephera, ndiye kuti tisinthe zitsekerero zonse zikhale za mtundu umodzi. Chachiwiri ndi mwana amene amati "mo... to", n'kutiyang'ana osadziwa kuti wanena chiyani. Kwa ameneyu tisiye zitsekerero pang'ono, tisewere ndi pakamwa: ife titchula "ma... lu... me" pang'onopang'ono, iye anene mawu onse. Khutu likazolowera, maso amatsatira.

Akakhoza mawu anayi pa asanu amene sanawaonepo, tiwonjezera zilembo zina monga n, s, p ndi w. Pambuyo pake pamabwera malo amene ana ambiri amakodwa, pamene zilembo ziwiri kapena zitatu zimapanga liwu limodzi. Apa tisewera ndi mawu ofanana awiriawiri: kola ndi khola, pala ndi phala, ngoma ndi ng'oma. Ife titchula amodzi, mwana aloza. Ambuya afotokoza kusiyana kwa tanthauzo, ndipo mwana amaona kuti h kapena kachizindikiro ka pamwamba kaja si kokongoletsa.

Mitolo ndi timapesi

Pa masamu, kuyesa kwake n'kwachidule. Timulembera 43 kuchotsa 17. Akayankha 26, ali bwino. Ana ambiri amayankha 34, ndipo yankho limeneli si longopeka. Mwanayo waona 3 ndi 7, wachotsa chaching'ono pa chachikulu n'kupeza 4, kenako wachotsa 1 pa 4 n'kupeza 3. Kwa iye 43 ndi manambala awiri oyandikana, 4 ndi 3, osati makumi anayi ndi zitatu. Kumupatsa masamu ena 20 otero kungangolimbitsa cholakwikacho.

Mu Catch Up aphunzitsi amagwiritsa ntchito timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Mu wodi timitengo tosongoka si tabwino, ndipo machesi asayandikire n'komwe, makamaka pamene pali mpweya wa okosijeni. Timapaipi ta pulasitiki tomwera zakumwa, todula pakati, timagwira ntchito yomweyo ndipo timatsukika. Pafunika tokwana 100, timalabala tomangira, ndi dayisi imodzi. Dayisi ikasowa, tilemba 1 mpaka 6 pa zitsekerero zina zisanu ndi chimodzi n'kumatulutsa m'kathumba.

Sewero lili ndi mbali ziwiri. Pokwera, aliyense aponya dayisi n'kutenga timapaipi tolingana ndi nambala yatuluka. Tikakwana khumi, ayenera kumanga mtolo asanaponyenso. Akaiwala, mnzake amulanda kamodzi. Woyamba kufika mitolo isanu wapambana. Potsika, aliyense ayamba ndi mitolo isanu n'kumabweza. Apa ndi pamene phunziro lenileni lili. Mwana ali ndi mitolo inayi ndi timapaipi titatu, dayisi yati 5. Titatu sitikwana. Palibe amuuza chochita. Amayang'ana, amaganiza, kenako amamasula mtolo umodzi. Tsopano ali ndi mitolo itatu ndi timapaipi 13, achotsa 5, atsala ndi 38. Uku ndiye "kubwereka" kumene ku sukulu amaphunzitsa ndi timanambala tolemba pamwamba, koma pano wakuchita ndi zala zake.

Akachita zimenezi masiku angapo, tibwerera ku 43 kuchotsa 17, mitolo ili pomwepo. Amasula umodzi, achotsa 7 pa 13 n'kutsala ndi 6, achotsa mtolo umodzi pa itatu n'kutsala ndi iwiri. Yankho ndi 26. Tsiku lililonse pomaliza sewero alembe pa pepala sitepe imodzi ya zimene wachita, chifukwa mwana amene atha ndi mitolo koma osalemba amakasokonezekanso akabwerera m'kalasi.

Timapaipi tomweti tingakhale kalendala. Anthu ambiri amafuna kuyamba ndi 42, masiku a masabata 6, n'kumachotsa kamodzi m'mawa uliwonse. Ife tikana. Dokotala akajambula mwendo n'kunena kuti fupa lifunika masabata ena awiri, mwanayo adzaona ngati adanamizidwa. Ndi bwino kuwerenga masiku amene wapirira: kuwonjezera kamodzi tsiku lililonse, n'kumanga mtolo pa tsiku la 10, la 20 ndi la 30. Kuwerenga kotere sikulonjeza kanthu.

Nanga nsolo? Thireyi ya mazira ili ndi maenje 30, mizere isanu ya maenje asanu ndi limodzi, ndipo tikasiya mzere umodzi titsala ndi mizere inayi monga pa nsolo weniweni. Ndi sewero labwino lothera masana, ndipo odwazika ambiri alidziwa kale. Tikaika lamulo lakuti mwana anene dzenje limene adzathere asanayambe kugawa, amazolowera kuwerengera m'mutu. Koma nsolo suphunzitsa makumi, ndiponso suphunzitsa zilembo. Ukhale wowonjezera, osati wolowa m'malo mwa masewera awiri aja.

Zimene thupi lilola

Anasi ena amakana masewera mu wodi, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Tizimve chimodzichimodzi.

Mwendo womangidwa uli ndi malamulo ake. Cholemera chija chiyenera kulendewera osagunda pansi kapena pa bedi, ndipo palibe aloledwa kuchinyamula kuti mwana akhale bwino. Mwana akamatambasuka kutola chinthu chagwa, amatsetserekera kumunsi mpaka phazi ligunda chitsulo cha bedi, ndiye kukoka kwatha. N'chifukwa chake zonse ziyenera kuseweredwa m'mbale yakuya kapena pa thireyi ya mkombero yoika pamimba kapena pambali penipeni, ndipo chogwa atole wamkulu. Dzanja limene lili ndi singano ya dilipi lipumule, asewere ndi linalo.

Chachiwiri ndi matenda opatsirana. Chinthu choyenda bedi ndi bedi chimanyamula tizilombo, ndipo mu wodi imodzi mungakhale mwana wotsekula m'mimba, wina wopsa ndi moto, wina woperewera zakudya m'thupi amene sachedwa kutenga matenda. Choncho mwana aliyense akhale ndi kathumba kake. Zitsekerero ndi timapaipi zitsukidwe ndi sopo, kenako m'madzi a kolorini osakaniza monga anasi anenera, zisanapite kwa mwana wina. Thireyi ya mazira ndi ya pepala, sitsukika, ndiye ikhale ya mwana mmodzi n'kutayidwa akatuluka. Zidole za ubweya zimene magulu achifundo amakonda kugula pa Khirisimasi ndizo zovuta kwambiri kuyeretsa.

Chachitatu ndi tiana tating'ono. Amayi ambiri odwazika amakhala ndi khanda kumsana, ndipo pa bedi loyandikana pangakhale mwana wa zaka ziwiri. Nyemba, chimanga ndi timiyala zimalowa m'mphuno, m'khutu ndi kummero. Zitsekerero nazo ziwerengedwe pomaliza sewero: zidatuluka 20, zibwerere 20. Kuwerengako kukhale ntchito ya mwana mwiniwake.

Nthawi nayo ndi yofunika. Mphindi 15 kawiri pa tsiku zikwana. Nthawi yabwino ndi m'mawa madokotala akatha kuyendera odwala, ndiponso madzulo kukayamba kuzizira, popeza ku Mfuwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40. Mwana amene ali pafupi kutsukidwa chilonda maganizo ake ali komweko, ndipo amene wangomwa mankhwala a ululu adikire kaye agwire ntchito. Tisiye sewero mwana akali kulifuna, kuti mawa alipemphe yekha.

Mwana wopsa manja kapena wofooka kwambiri sagwira kanthu, koma asasiyidwe. Kwa iye pali masewera a pakamwa: kutchula mawu oyamba ndi kachigawo kamene mawu a mnzake athera, monga mutu, tuma, malo, lota, kuphiphiritsana zilapi, kapena nthano imene ambuya ayamba, mwana n'kuimaliza.

Ndipo pali phindu lina limene anasi angalikonde. Munthu amene amasewera ndi mwana tsiku lililonse amaona kusintha msanga. Mwana amene dzulo adapanga mawu asanu, lero ali kuwodzera, asokoneza mayina kapena sayankha bwino, si waulesi. Angakhale ndi malungo, matenda amene ndi ofala m'chigwa, kapena vuto lina. Zala za phazi lomangidwa zikazizira, zikatupa, zikachita dzanzi, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa, sewero liime ndipo anasi aitanidwe pomwepo.

Masabata 6 a mnyamata wathu

Sabata yoyamba palibe zitsekerero. Ululu ukalipo, malo ndi achilendo, ndiye ndi nthano ndi zilapi chabe. Chakumapeto kwa sabatayo, anasi akavomera, tichita kuyesa kuja, ndipo tiphunzitsa ambuya malamulo a sewero mwanayo akumva. Sabata yachiwiri ndi yachitatu, m'mawa ndi zitsekerero 20, madzulo ndi mitolo pokwera. Sabata yachinayi tiwonjezera zilembo zatsopano, ndipo mitolo iyamba kutsika. Sabata yachisanu ndi ya kh, ph, th ndi ng', ndiponso mwana ayamba kutiuza chiganizo chimodzi pa tsiku cha zimene waona mu wodi, ife tilemba, iye awerenga. Sabata yomaliza ziganizo zija zakwana kandime, ndipo tibwereza kuyesa ndi pepala lina, osati loyamba lija.

Sitilonjeza kuti mwana aliyense adzakwera sitepe. Wina adzatenga malungo pakati, wina adzatumizidwa ku chipatala china, wina ali ndi vuto la maso kapena makutu limene palibe adalionapo, ndipo sewero lingangolionetsa, osalichiza. Za sayansi ndi maphunziro ena amene kalasi yake yaphunzira, masewerawa sabweza. Koma mwana amene wabwerera atha kuwerenga kandime angathe kutsatira anzake ndi buku, pamene amene wabwerera osatha kulumikiza, ali ndi ndodo, ndipo anzake apita patsogolo, ndiye amene amayamba kujomba mpaka kusiyiratu.

Potuluka apatsidwe kapepala ka mizere itatu kopita kwa aphunzitsi ake: sitepe imene adali polowa, sitepe imene ali potuluka, ndi pamene akali kupunthwa. Kathumba kaja apite nako kunyumba, chifukwa sadzayenda mtunda wa ku sukulu tsiku lotsatira.

Nanga foni?

Ena a ife anganene kuti zonsezi n'zachikale, mwana apatsidwe foni kapena tabuleti yokhala ndi masewera ophunzitsa. Sitikana kuti foni imathandiza, makamaka pochotsa maganizo a mwana pa nthawi yotsuka chilonda. Koma masewera ambiri a pa foni ali m'Chizungu, chimene mwana wa Giredi 3 wa kwa Mnkhanya akali kuchiphunzira. Foni ifunika moto, imasweka, imabedwa, ndipo imodzi ya wodi yonse imayendanso bedi ndi bedi. Choposa zonse, foni imachotsa ambuya m'sewero. Mwana amayang'ana galasi, iwo amayang'ana khoma, ndipo foniyo siidzaitana anasi zala za phazi zikazizira.

Ena anganene kuti iyi ndi ntchito ya boma, osati ya odzipereka. Apa tivomera. Zambia idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndipo panganolo limatchula ufulu wa maphunziro m'ndime 28 ndi ufulu wosewera m'ndime 31, popanda kupatula mwana wogonekedwa. Mu 2022 boma lidachotsa malipiro a sukulu, lidalemba aphunzitsi oposa 30,000, ndipo ndalama za CDF zidakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, kuphatikizapo Malambo, kumene kuli Mambwe. Chimene wodi ya ana ifunika ndi chaching'ono poyerekeza ndi zimenezi: mphunzitsi mmodzi wodziwa njira ya Catch Up, wotumidwa ndi ofesi ya maphunziro ya m'bomalo, wobwera masiku awiri kapena atatu pa sabata kudzayesa ana atsopano, kuphunzitsa odwazika ndi kulemba timapepala tija. Masiku ena onse sewero liyenda lokha.

Kwa ife amene tili ku Lusaka kapena ku Chipata ndipo timasonkha ndalama zokaonera ana m'zipatala, pali njira yachidule. Tiyambe tafunsa nasi wamkulu wa wodi kuti ndi ana angati amene akhalamo kupitirira masabata awiri, ndiponso zimene iye alola pa bedi. Kathumba kamodzi kafunika zitsekerero 40 za mtundu umodzi, timapaipi 100, timalabala, dayisi, kabuku kolembamo ndi pensulo, ndi mbale imodzi yakuya. Tikafika, ola lathu lithere kwa amayi ndi ambuya, tisewere nawo kawiri kapena katatu mpaka aseweretse mwana ife titangokhala chete. Akayamba kukangana ndi mdzukulu wawo ngati "tomu" ndi mawu, tingatsanzike.